“Adokotala, Manambala Awa Akutanthauza Chiyani?”

M’midzi yambiri ya m’boma la Mulanje, kuyambira ku Nkando mpaka ku Muloza, muli makolo amene akudwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi pamene ana awo ali kutali, ambiri mwa iwo ku Joni. Anawa ndi amene amatumiza ndalama ya minibasi, ya mankhwala ndi ya ndiwo. Mayi akayezedwa magazi, wina pakhomo amajambula pepala la zotsatira pa foni n’kutumiza. Mwana uja amangoona manambala ndi zilembo zachidule, tulo n’kumuthawa. Ena amafika pofunafuna adiresi ya imelo ya dokotala wa mayi awo kuti awafunse okha.

Kufunsa n’kwabwino, koma kalata zotere nthawi zambiri siziyankhidwa momwe wolembayo amayembekezera. Kuti tione chifukwa chake, tigwiritse ntchito chitsanzo chongoyerekeza, chokhala ndi manambala a mtundu womwe mabanja athu amauona kawirikawiri.

Kalata ya mwana

Tiyerekeze mayi wa zaka 68, wa thupi laling’ono, wokhala chakufupi ndi Chitakale. Wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zingapo ndipo amamwa mankhwala awiri odziwika bwino m’zipatala zathu, metifomini ndi gilibenikilamaidi. Sadya nyama. Mwana wake wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg. Mlongo wake, yemwe amakhala ndi mayiwo, wamutumizira chithunzi cha pepala la ku labotale, ndipo iye walemba imelo iyi:

“Adokotala, ine ndine mwana woyamba wa mayi amene munawaona Lachiwiri lapitali ku kiliniki ya shuga. Ndili kunja kwa dziko ndipo ndine amene ndimawathandiza pa zonse. Ndaona pepala lawo. Palembedwa FBS 162 mg/dL, HbA1c 8.2% ndi Creatinine 1.2 mg/dL. Mnzanga amene ndimakhala naye kuno ali ndi shuga, ndipo kamakina kake kakaonetsa 12 amati zaipa. Nanga 162? Kodi mayi anga ali pangozi? Chonde ndifotokozereni, ndipo mundiuze ngati n’koyenera kuti aziwonjezera mapiritsi. Kuno ndingathe kugula mankhwala amphamvu n’kutumiza pa basi.”

Kalatayi ndi yaulemu ndipo yachokera mumtima wachikondi. Komabe dokotala wosamala sangaiyankhe pomwepo ndi tsatanetsatane wa matenda a mayiwo.

Chifukwa chake yankho limachedwa

Chifukwa choyamba ndi chinsinsi cha wodwala. Zotsatira za magazi ndi za mwini magaziwo, osati za amene walipira. Malamulo oyendetsera dziko lino, m’gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa zinsinsi zake, ndipo bungwe loyang’anira ntchito za madokotala limafuna kuti ogwira ntchito m’chipatala asaulule za wodwala popanda chilolezo chake. Mayi wa zaka 68 amene mutu wake ukuyenda bwino ndi amene amasankha woti auzidwe. Mwina alipo matenda ena olembedwa m’buku lawo amene safuna kuti ana awadziwe, ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Kulemekeza makolo, kumene lamulo lachisanu limatiphunzitsa, kumafikanso pamenepa.

Chachiwiri, dokotala alibe njira yodziwira kuti wolemba imeloyo ndi mwana wa wodwalayo. Aliyense angathe kulemba kuti “ndine mwana woyamba”, ngakhale wachibale amene akukangana ndi banjalo pa nkhani ya munda.

Chachitatu chimachokera m’mene zipatala zathu zimagwirira ntchito. Mbiri ya wodwala imakhala kwambiri m’kabuku ka kuchipatala kamene wodwalayo amasunga yekha kunyumba. Amene timawatchula kuti adokotala nthawi zambiri amasinthana, ndipo pa tsiku la kiliniki amaona anthu ambirimbiri. Akalandira imelo yonena za “mayi amene munawaona Lachiwiri”, popanda buku lija m’manja, sangakumbukire kulemera kwa mayiwo, mankhwala awo kapena zotsatira zawo zakale. Ndipo popanda zimenezi, manambala atatu aja sanena zambiri.

Choncho yankho loyenera limakhala lalifupi: kuthokoza, kunena kuti sangakambe za wodwala popanda chilolezo chake, ndi kupempha kuti mayi abwere ndi buku lawo kuti akambirane onse pamodzi. Mwana asakhumudwe nalo yankho lotere. Ndi chizindikiro choti mayi ake ali m’manja mwa munthu wosunga chinsinsi.

Njira yapafupi ndi yakuti mayi apite ndi mwana wawo wamkazi uja pa tsiku la kiliniki, auze dokotala ndi pakamwa pawo kuti akulola mwana wawo wa ku Joni kumva zonse, ndipo apemphe kuti chilolezocho chilembedwe m’buku. Dokotala akavomera, foni iimbidwe ali m’chipindamo, mawu akumveka kwa onse. Nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzimodzi, choncho mwana angopempha mphindi khumi kuntchito kwake.

Nambala yaikulu imene inamuopsa

Tsopano tione zimene zili papepala lija. Zilembo zoti FBS zimaimira shuga wa m’magazi woyezedwa munthu atakhala maola osachepera 8 asanadye kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. Vuto la mwanayu linali loti anayerekeza manambala a miyeso iwiri yosiyana, ngati munthu woyerekeza mtengo wa m’makwacha ndi wa m’marandi. Zipatala zambiri kuno zimalemba shuga mu mg/dL, pamene ku South Africa amagwiritsa ntchito mmol/L. Kuti musinthe, gawani ndi 18:

162 ÷ 18 = 9

Ndiye kuti pa kamakina ka mnzake uja, shuga wa mayiwa akanaoneka 9, osati 162. Ndipo 12 amene mnzakeyo amadandaula naye ndi 216 pa muyeso wa kuno. Shuga wa mayi anali wotsika poyerekeza ndi wa mnzake amene amadzuka tsiku lililonse kupita kuntchito.

Izi sizikutanthauza kuti 162 ndi wabwino. Munthu wopanda matendawa, asanadye, shuga wake amakhala pansi pa 100 kapena kupitirira pang’ono. Akafika 126 kapena kuposa pamenepo, ndipo akayezedwanso tsiku lina n’kupezeka chimodzimodzi, madokotala amati ali ndi matenda a shuga. Kwa amene ali kale pa mankhwala, ambiri amafuna kuti m’mawa asanadye akhale pakati pa 80 ndi 130. Choncho 162 ndi wokwera ndipo akufunika kukonzedwa, koma si nambala yothamangira nayo kuchipatala usiku ngati munthuyo akuyenda, akudya ndiponso akulankhula bwinobwino.

Pali funso limene pepala silingayankhe: kodi mayi anapitadi osadya? Munthu wochokera kutali, podziwa kuti akakhala pamzere mpaka masana, amatha kumwa kaye phala kapena thobwa m’bandakucha. Akatero, nambala ija si ya munthu wosadya ngakhale papepala palembedwe FBS, ndipo imaoneka yokwera kuposa momwe zinthu zilili. Amene angayankhe funsoli ndi mayi okha.

Nambala yachiwiri, HbA1c, ndi yothandiza pa chifukwa chomwechi. Shuga amamatirira pang’onopang’ono ku maselo ofiira a magazi, ndipo maselowa amakhala miyezi pafupifupi inayi asanafe. Poyeza kuchuluka kwa shuga womatirirayo, timadziwa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, posatengera zimene munthu wadya m’mawa umenewo. Matenda a shuga amayambira pa 6.5%. Kwa odwala ambiri cholinga chimakhala pafupi ndi 7%, koma kwa okalamba madokotala amalola kuti ikwereko pang’ono, chifukwa kutsitsa shuga mopitirira muyeso n’koopsa kwa iwo. Ya mayiwa, 8.2%, ikugwirizana ndi 162 uja: shuga wakhala wokwererapo kwa nthawi. Kuyeza kumeneku sikupezeka m’chipatala chilichonse, ndipo kumatha kusokeretsa ngati munthu ali ndi magazi ochepa, wangodwala kumene malungo aakulu kapena waikidwa magazi posachedwa. N’chifukwa chake dokotala amafunsa za zimenezi asanakhulupirire nambalayo.

Nambala yaing’ono imene sanaifunse

M’kalata yake, mwanayu sanafunse chilichonse za 1.2. Inaoneka yaing’ono ndi yosaopsa. Koma dokotala akayang’ana pepala lija, maso ake amaima pamenepo.

Kiriyatinini ndi zotsalira zimene minofu ya thupi imatulutsa tsiku ndi tsiku. Impso zimazisefa n’kuzitaya mumkodzo, monga sefa imalekanitsira ufa ndi misere. Impso zikayamba kufooka, zotsalirazi zimachuluka m’magazi. Apanso miyeso ndi iwiri. Ku South Africa amalemba mu µmol/L, ndipo kuti musinthe mumachulukitsa ndi 88.4. Choncho 1.2 wa mayiwa kumeneko akanalembedwa 106.

Kwa mnyamata wa minofu yambiri amene amanyamula matumba pamsika wa Limbuli, 1.2 angakhale wabwinobwino. Kwa mayi wokalamba, woonda, wosadya nyama, nkhani ndi ina. Thupi lake limapanga kiriyatinini wochepa, choncho timayembekezera nambala yotsika. Ikafika 1.2, ndiye kuti sefa ija siikugwira mokwanira. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa mabanja athu amene anasiya nyama: nambala yooneka yabwino papepala ingabise impso zofooka.

N’chifukwa chake madokotala amatenga kiriyatinini, zaka za munthu, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, n’kuwerengera nambala ina yotchedwa eGFR, imene imasonyeza mphamvu ya impso. Kwa wachinyamata wathanzi imakhala 90 kapena kuposa, ndipo imatsika pang’onopang’ono munthu akamakula. Kwa mayi wa zaka 68 wokhala ndi 1.2, imatuluka pafupifupi 50. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kuposa, amati munthuyo ali ndi matenda a impso okhalitsa.

Mawu oti miyezi itatu ndi ofunika. Kuyeza kamodzi sikokwanira kugamula. Munthu amene watsegula m’mimba, wasanza, kapena wayenda mtunda wautali padzuwa la mu Okutobala osamwa madzi, kiriyatinini wake amakwera kwakanthawi n’kutsikanso. Funso lenileni ndi lakuti chaka chatha nambalayi inali chiyani. Ngati inali 1.2 yomweyo, impso zafooka koma zaima pamodzi. Ngati inali 0.8, chinachake chikuziwononga panopa ndipo chiyenera kupezeka msanga. Yankho lili m’masamba akale a buku la kuchipatala, amene mwanayu sanatumiziridwe.

Zimene mayi okha akanatha kunena

Tiyerekeze kuti tsiku lafika, mayi ndi mwana wawo wamkazi ali m’chipinda, mwana wa ku Joni ali pa foni. Dokotala atsegula buku n’kupeza kuti chaka chatha kiriyatinini anali 0.9. Kenako afunsa: “Amayi, kupatula mankhwala amene timakupatsani kuno, pali enanso amene mukumwa?”

Mayi ayankha: “Alipo a mawondo amene mwana wangayu amatumiza. Ndimamwa m’mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, chiyambire nyengo yokolola.”

Mwana wamkazi atulutsa kabokosi m’chikwama. Ndi bulufeni. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi anzake monga dikilofenaki ndi indosidi, amachepetsadi ululu, koma amachepetsanso magazi opita ku impso. Kumwa masiku awiri kapena atatu munthu wathanzi kawirikawiri sikuvuta. Kumwa miyezi yathunthu munthu wokalamba wodwala shuga kungathe kuwononga impso mwakachetechete, popanda kupweteka kulikonse kochenjeza.

Dokotala afunsanso ngati mayi amamva zachilendo masana. Iwo anena kuti masiku ena akamwa mapiritsi m’mawa n’kupita kumunda osadya, dzuwa likamakwera amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona chidima, mpaka atatafuna nzimbe. Zimenezi ndi zizindikiro za kutsika kwa shuga, kumene kumayamba akafika pansi pa 70 mg/dL. Gilibenikilamaidi amakakamiza thupi kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo impso zikafooka mankhwalawa amachedwa kuchoka m’thupi, n’kumagwira ntchito nthawi yaitali kuposa yoyenera. Kukanakhala kuti pempho la mwanayu loti awonjezere mapiritsi linatsatidwa, mayiwa akanatha kukomoka ali okha kumunda. Shuga wokwererapo amawononga thupi pa zaka, koma wotsikitsitsa angathe kupha tsiku lomwelo.

Pa chifukwa chomwechi, aliyense amene amamwa mankhwala a mtundu umenewu kapena kubaya insulini ayambe wafunsa kuchipatala asanalowe m’masiku osala kudya a mpingo. Pa Sabata pamene mapemphero atenga tsiku lonse, kapena pa msonkhano wa misasa, asadumphitse chakudya.

Zimene dokotala angachite pa nkhani ngati iyi ndi zomveka. Bulufeni asiyidwe tsiku lomwelo, ndipo mawondo athandizidwe ndi panado pa mlingo umene iye anene. Magazi a impso ayezedwenso pakapita masabata ochepa kuti aone ngati nambala ikutsika, kenako pakatha miyezi itatu. Mkodzo uyezedwe kuona ngati muli mapuloteni, chifukwa chimenechi ndi chizindikiro choyambirira choti shuga wayamba kugwira impso. Kuthamanga kwa magazi kuyezedwe ulendo uliwonse, popeza kumawononga impso limodzi ndi shuga. Gilibenikilamaidi aunikidwenso, mwina kuchepetsedwa kapena kusinthidwa. Metifomini pa 50 amapitirizidwa, koma nambala ikatsika pansi pa 45 mlingo wake umaonedwanso, ndipo pansi pa 30 samwedwanso. Pa chakudya, mayi adye asanapite kumunda, achepetse mitanda ya nsima ya madzulo, achulukitse masamba monga nkhwani ndi chisoso pamodzi ndi nandolo kapena nyemba, asiye thobwa lothira shuga ndi zakumwa zotsekemera za m’mabotolo, ndipo mchere ukhale wochepa.

Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chikanatuluka pa imelo pakati pa dokotala ndi mwana okha. Zinatuluka chifukwa mwini thupi analipo, buku linalipo, ndipo kabokosi ka mankhwala kanaikidwa patebulo.

Mmene mungalembere kalata yothandiza

Imelo ili ndi ntchito yake ngati yalembedwa bwino. Musanalembe, yambani mwaimbira mayi kapena bambo anu n’kuwapempha chilolezo. Akakana, lemekezani. Mungathe kumudziwitsabe dokotala zimene mukuona kuti n’zofunika, chifukwa iye saletsedwa kumva, amangoletsedwa kuulula.

M’kalatamo tchulani dzina lonse la wodwala monga lalembedwera pabuku, zaka zake, mudzi, ndi tsiku limene anaonedwa. Nenani kuti ndinu ndani kwa iye, ndiponso dzina la amene amamuperekeza kuchipatala. Lembani mankhwala onse amene mwakhala mukutumiza, kuphatikizapo a ululu, mavitamini, ndi a zitsamba a m’mabotolo amene amagulitsidwa kwambiri ku Joni, chifukwa ena mwa iwo amalemetsa impso kapena kusokoneza mankhwala a kuchipatala. Pokopera manambala, musasiye muyeso wake ndi tsiku lake. Mafunso akhale ochepa ndi olunjika: ndi nambala iti imene ikudetsa nkhawa, yasintha bwanji poyerekeza ndi kale, iyezedwanso liti, ndipo banja lichitepo chiyani. Pomaliza pemphani nthawi yolankhulana pa foni wodwala ali pomwepo, m’malo mopempha kuti zonse zilembedwe.

Amene ali kumudzi nawonso ali ndi mbali yawo. Pojambula pepala, jambulani lonse pamalo owala, kuti tsiku, miyeso ndi manambala oyerekezera amene labotale imasindikiza m’mbali aoneke. Jambulaninso masamba akale a buku. Chithunzicho chipite kwa munthu mmodzi amene mwini wake wavomereza, osati pa gulu la WhatsApp la banja lonse kapena la mpingo. Popempha mapemphero, n’zokwanira kunena kuti mayi sakupeza bwino.

Ngati patapezeka kuti pakufunika kuyeza kumene chipatala chapafupi sichichita, dokotala ndi amene anene koyenera kupita ndi kulemba kalata yake, kaya ndi kuchipatala cha boma cha Mulanje, cha Mulanje Mishoni, cha Malamulo ku Makwasa m’boma la Thyolo, kapena ku Gulupu mu Blantyre. Ndalama ya mwana wakunja imagwira ntchito yaikulu ikalipira ulendo umenewu, kapena ikagula kamakina koyezera shuga pakhomo. Kamakina kakachokera ku Joni, kumbukirani kuti kadzaonetsa mu mmol/L. Lembani manambala ake m’kope monga akuonekera, pamodzi ndi tsiku, nthawi, ndiponso ngati munthu anali atadya, ndipo muwauze adokotala kumene kanachokera.

Zosadikira yankho la imelo

Pali nthawi zimene kulemba kalata n’kutaya nthawi. Wodwala shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kulankhula zosamveka koma akutha kumeza, mupatseni madzi osungunulamo masupuni aang’ono atatu kapena anayi a shuga. Pakatha mphindi 15 asanasinthe, bwerezani, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni n’kukaonedwa kuchipatala, chifukwa kwa womwa gilibenikilamaidi shuga amatha kutsikanso. Akakomoka, musamuthire chilichonse m’kamwa. Mugonekeni chammbali ndipo pezani galimoto nthawi yomweyo.

Pitaninso kuchipatala tsiku lomwelo ngati akusanza kapena kutsegula m’mimba mosalekeza, ngati mkodzo wachepa kwambiri, ngati miyendo ndi nkhope zatupa, ngati akubanika popuma, ngati ali ndi ludzu losatha pamodzi ndi kufooka ndi kusinza, kapena ngati chilonda cha kuphazi chayamba kuda kapena kununkha. Tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene ali m’nyumba, a kuchipatala ndi otumizidwa omwe. Mwana wa kutali muimbireni muli m’njira.